Ndinadzifotokoza bwino pamsonkhano, koma sivi yanga inanena zina

*"Ndagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi ku Kasungu kwa zaka 6, koma zaka ziwiri zapitazi ndakhala ndikuthandiza makopaletivi kupeza misika ya soya, ndipo kumeneko ndi kumene ndikufuna kulowera. Mwezi watha pamsonkhano wina ku Lilongwe ndinadzifotokoza kwa bambo wina wa kampani yogula mbewu, iwo nati nditumize sivi. Atawerenga anandiyankha kuti ankayesa ndili ku zamisika, koma papepala akuona mlangizi. Sindinaname paliponse. Ndikonze zapakamwa kapena zapapepala? Ndakutumizirani zonse ziwiri."*

Achemwali, konzani pepala poyamba. Pakamwa panu pakunena za munthu amene muli lero, pomwe ndime yapamwamba pa sivi yanu ikunena za munthu amene munali zaka zitatu zapitazo. Zimenezi zimachitikira ambiri, chifukwa podzifotokoza timasintha mawu nthawi iliyonse tikakumana ndi munthu watsopano, koma ndime yolemba ija timaisiya momwe tinailembera tsiku limene tinkafunsira ntchito yoyamba.

Taganizirani mmene zinayendera kwa bambo aja. Tsiku limenelo anapatsana moni ndi anthu ambirimbiri, ndipo za inu anasunga kanthu kamodzi kokha: mayi wa ku Kasungu wodziwa kusonkhanitsa soya wa alimi. Potsegula sivi yanu sankafuna kukudziwani mwatsopano. Ankafuna kuti pepala liwatsimikizire zimene anamva. Mzere woyamba utawauza zina, sanaganize kuti ndinu wa luso lambiri. Anayamba kukayika ngati anakumvani bwino, kapena ngati munakometsa nkhani pofuna kuwasangalatsa. Kukayika kumeneko ndi kumene kumapha mwayi.

Tiyeni tione zimene mwatumiza. Ndime yanu yolemba, ndikaiika m'Chichewa, ikuti: "Mlangizi wa zaulimi wakhama, wa zaka 6 pantchito yophunzitsa alimi ulimi wamakono, kuteteza nthaka ndi kusamala zokolola. Ndagwira ntchito ndi alimi 640." Za misika zikupezeka patsamba lachiwiri, mzere wachisanu pansi pa ntchito yanu yapano. Pamsonkhano mwati munanena kuti: "Ndimathandizako alimi kupeza misika, tinagulitsa soya wambiri chaka chatha, tili ndi alimi pafupifupi chikwi."

Apa pali malo atatu pamene nkhani ziwirizi zasiyana njira, ndipo ndi malo omwewo amene ayenera kufanana nthawi zonse. Mawu ena onse akhoza kusiyana, ndipotu ayenera kusiyana, chifukwa munthu wolakatula ndime ya sivi pamtima amamveka ngati mwana wa sukulu patsiku lotsekera.

Malo oyamba ndi dzina la ntchito yanu. Papepala ndinu mlangizi, pakamwa ndinu wa zamisika. Sankhani limodzi, ndipo likhale mu chiganizo choyamba konsekonse. Sindikunena kuti musinthe udindo umene abwana anu anakupatsani. Pamndandanda wa ntchito zimene mwagwira, udindo ulembedwe monga uliri pakalata yanu yolembedwera ntchito, chifukwa akaimbira foni kuntchito kwanu adzafunsa za udindo umenewo. Koma ndime yapamwamba ndi yanu, ndipo pamenepo muli ndi ufulu wofotokoza ntchito imene mumagwiradi. Ulangizi usatayidwe ayi. Ungotsika n'kukhala chiganizo chachiwiri, chofotokoza kumene munachokera. Kwa wogula mbewu, munthu amene anakhala zaka m'minda ndi chuma, popeza amadziwa chifukwa chake soya amafika kudepoti ali wachinyezi kapena wodzadza ndi zinyalala.

Malo achiwiri ndi nambala, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu oona mtima amaoneka ngati abodza. Papepala alimi ndi 640, pakamwa ndi "pafupifupi chikwi". Mwina pochita chikwi munaphatikiza ena amene amabwera kumaphunziro koma si mamembala. Womvera sadziwa zimenezo. Iye amangoona kuti nambala yafufuma ili pakamwa n'kuphwa itafika papepala. Lamulo langa ndi ili: nambala yapakamwa ifanane ndi yolemba, kapena icheperepo, koma isapose. Mukanena kuti "alimi oposa 600" munthu n'kukapeza 640, amakukhulupirirani kwambiri. Komanso sankhani nambala imodzi yokha yoti muziyenda nayo, imene womvera angaimve kulemera kwake. Kwa kampani yogula mbewu, chiwerengero cha alimi si chimene chimawagwira mtima. Mu imelo yanu mwatchula mongodutsa kuti mu 2024 makopaletivi anayi anagulitsa pamodzi matani 120 a soya kwa wogula mmodzi. Amenewo ndi matumba 2,400 a makilogalamu 50. Nambala yanu ndi imeneyo, koma simunainene pamsonkhano, ndipo mu ndime yapamwamba mulibenso.

Kanthu kena kakang'ono pa nambala: "chaka chatha" chimakalamba. Anthu amazolowera mawu amenewa n'kumawanenabe patapita zaka ziwiri, pepala likunena 2024. Ngati chaka chadutsa, tchulani chakacho.

Malo achitatu ndi kumene mukupita. Ndime yanu yolemba sikunena chimene mukufuna, ndiye wowerenga amangoti mukufuna ulangizi womwewo. Chiganizo chomaliza, papepala ndi pakamwa pomwe, chiloze mbali imodzi.

Pali vuto lina limene ndi lathulathu. Sivi timalemba m'Chingerezi, ndipo m'menemo timalimba mtima kunena kuti ndinatsogolera, ndinakhazikitsa. Tikaima pamaso pa munthu wamkulu n'kuyamba Chichewa, ulemu umatigwira, mawu n'kusanduka "ndimangothandizako" ndi "tinayesetsako". Ka "-ko" kameneka ndi ka "-ngo-" kamachotsa theka la ntchito yanu. Ndikumvetsa kumene zimachokera, palibe amene amafuna kutchedwa wodzitama. Koma mukati "ndimathandizako" pomwe pepala likuti munatsogolera, mwamupatsa munthu nkhani ziwiri, ndipo iye asankha yaing'onoyo. Ulemu uikeni pa moni, pa kaimidwe, pa kumvetsera. Pofotokoza ntchito gwiritsani mneni yemweyo amene ali papepala. Ngati ntchito inali ya gulu, nenani zoona zake zonse: gulu linachita chakuti, ine mbali yanga inali yakuti. Ndipo ngati mukuona kuti "ndinatsogolera" simungamunene pamaso pa mnzanu amene munali naye pantchitoyo, ndiye kuti mawuwo ndi okokomeza, achotseni papepala pomwe.

Tsopano nayi ndime yolemba imene ndingakonde kuona, inu mukaiike m'Chingerezi chanu:

"Ndimalumikizitsa alimi ang'onoang'ono ndi misika ya soya, ndipo ndili ndi zaka 6 pantchito ya ulangizi wa zaulimi m'boma la Kasungu. Mu 2024 ndinatsogolera makopaletivi anayi, a mamembala 640, kugulitsa pamodzi matani 120 a soya kwa wogula mmodzi. Ndinayang'anira kusonkhanitsa, kusankha ndi kuyeza chinyezi, komanso kukambirana mtengo. Ndikufuna ntchito yogula mbewu kwa alimi m'kampani yokonza kapena kugulitsa zokolola."

Ndipo zapakamwa, mutatha kupereka moni:

"Ndine wakutiwakuti, ndimagwira ntchito yolumikizitsa alimi ndi misika ku Kasungu. Ndinayamba ngati mlangizi wa zaulimi, ndiye mbewu ndimaidziwa kuyambira kumunda. Mu 2024 ndinatsogolera makopaletivi anayi kugulitsa pamodzi matani 120 a soya wosankha kale ndi wouma bwino kwa wogula mmodzi. Pano ndikufuna kumagwira ntchito yomweyi kumbali ya kampani yogula. Kwanuko soya mumagula bwanji?"

Mwaona kuti ziganizo n'zosiyana, koma ntchito ndi imodzi, matani ndi omwewo, ndipo zonse zikuloza ku kampani yogula. Zapakamwa zasiya mamembala 640 ndi kukambirana mtengo. Kusiya n'kololedwa. Chosaloledwa ndi kunena chinthu chimene munthu sakachipeza papepala. Zapakamwa zilinso ndi funso kumapeto, chimene pepala silingakhale nacho, ndipo funsolo ndi limene limasandutsa kudzifotokoza kukhala kucheza.

Za nthawi: mawu amenewa ndi pafupifupi 50. Malangizo ambiri amene mungawerenge amawerengera mawu a Chingerezi, amene ndi afupiafupi, ndiye amalola ochulukirapo. Athu ndi aatali, "ndinatsogolera" ndi liwu limodzi koma lanyamula chiganizo. Musawerenge mawu okha, dzijambuleni pafoni muone ngati zikukwana masekondi 30 mukuyankhula mosathamanga. Moni musamuwerengere m'masekondiwo, ndipo musamudumphe pofuna kusunga nthawi. Ngati mumadzifotokoza m'zinenero zonse ziwiri, konzani zonse ziwiri padera, osamasulira muli chiimire, chifukwa pomasulira mofulumira ndi pamene "-ko" uja amabwerera.

Kuti mudziwe ngati zagwirizana, pezani anthu awiri osadziwa bwino ntchito yanu. Mmodzi amvetsere zimene mwajambula, kamodzi kokha. Wina mupatseni ndime yolemba. Kenako aliyense payekha mumufunse kuti munthuyu amagwira ntchito yanji, anachitapo chiyani, ndipo akufuna chiyani. Mayankho akasiyana, pomwe asiyanapo ndi pamene pali ntchito. Wina akati "ndi mlangizi" mnzake nati "amagulitsa soya", chiganizo choyamba sichinakhale bwino. Mnzanu wakuntchito sangakuthandizeni pa mayeso amenewa, chifukwa amadzaza yekha mipata ndi zimene akudziwa kale.

Ngati muli pa LinkedIn, kumbukirani kuti ambiri amakufufuzani kumeneko asanatsegule n'komwe sivi, nthawi zina msonkhano usanathe. Mzere umene uli pansi pa dzina lanu umalola zilembo 220, ndipo gawo la About limalola 2,600, koma pafoni pamaoneka mizere yochepa yoyambirira yokha mpaka munthu atadina kuti aone zonse. Choncho dzina la ntchito ndi matani aja zikhale koyambirira. Mukasintha sivi, sinthaninso kumeneko tsiku lomwelo.

Mwina mufunsa kuti nanga mukakumana ndi bungwe lofuna alangizi? Mukhoza kusintha chimene mwatsindika: kwa iwo mukhalitse pa zaka 6 za m'minda, matani abwere pambuyo. Koma mukatero, sivi imene muwatumizire ikhalenso yotsindika ulangizi. Kukhala ndi masivi awiri si chinyengo malinga ngati zaka, maudindo ndi manambala ndi zofanana monsemo. Lembani kuseri kwa khadi la munthu aliyense zimene munamuuza, kuti madzulo musatumize pepala la munthu wina.

Bambo aja musawataye. Anakuyankhani, kutanthauza kuti anawerenga. Alembereni mwachidule kuti anaona bwino, sivi ija inali isanakonzedwe kuti ionetse ntchito ya zaka ziwiri zapitazi, ndipo mwatumiza yatsopano. Mu uthengawo tchulani msonkhano umene munakumanirana, makopaletivi anayi ndi matani 120, ndipo ngati wapampando wa kopaletivi imodzi wavomera, onjezerani kuti akhoza kumuimbira kuti amve yekha mmene malondawo anayendera.