Pa matayala atatuwa, ndiyambe kusintha liti?

Funso: Amisiri, ndatumiza zithunzi za matayala atatu a galimoto yanga. Loyamba mano atsala pang'ono kutha, lachiwiri ladyeka mbali imodzi, lachitatu mano akadali abwino koma latupa pang'ono m'mbali. Ndalama ndili nazo za tayala limodzi. Ndiyambe ndi liti?

Yankho: Yambani ndi lachitatulo, bambo, ndipo muchotse lero lomwe, muikepo sipeya. Ndikudziwa kuti ndi lomwe likuoneka latsopano, koma mano asakunyengeni. Tayala limalimba chifukwa cha ulusi womwe uli mkati mwa labala. Mukagwa m'dzenje kapena kugunda mwala mwamphamvu, khoma la m'mbali limapanikizika pa limu, ulusi wina n'kuduka. Pamenepo mpweya umakankha labala yokhayokha, ndiye chotupa mukuchionacho. Khomalo limapindika nthawi iliyonse tayala likazungulira, limatentha, ndipo ulusi wotsalawo umaduka umodziumodzi mpaka kuphulika kopanda chenjezo. Chigamba sichithandiza pamenepo. Wina akakuuzani kuti aikamo chubu, mukane.

Lachiwirilo ndi lomwe chithunzi chanu chikundibisira. Mwajambula mutaima kunja, ndiye ndikungoona phewa lakunja ndi theka la mano. Tayala likamadyeka mbali imodzi, nthawi zambiri miyendo ya galimoto imakhala itasokonekera, ndipo kudyeka koipitsitsa kumakonda kubisala kumbali ya mkati, komwe maso safika. Ngati ndi lakutsogolo, pindani chiwongolero mpaka pamapeto, mujambulenso mano onse kuchokera phewa ili mpaka ilo. Ngati ndi lakumbuyo, gwadani kuseri kwa galimoto. Mukaona ulusi kapena timawaya tikunyezimira, ndiye kuti nalonso latha ntchito ngati lotupa lija, lisapitenso pamsewu. Ngati labala idakalipo, likhoza kudikira pang'ono, koma kakonzetseni alayimenti, apo ayi tayala latsopanolo lidyekanso chimodzimodzi.

Loyambalo ladyeka mofanana paliponse, kusonyeza kuti mwakhala mukupopa bwino. Kuti mudziwe pomwe lafika, funani zilembo TWI kapena kachizindikiro ka ngodya zitatu paphewa. Molunjika pamenepo, mkati mwa ngalande za mano, muli timizere ta labala topingasa, totalika mamilimita 1.6. Mano akafanana ndi timizereto, tayala latha. Pachithunzi chanu mano akadali pamwamba pang'ono chabe. Pouma liyenda, koma kukagwa mvula silitha kutaya madzi msanga, galimoto imayamba kuseleleka ndipo mabuleki amachedwa kugwira. Muziyenda pang'onopang'ono kufikira mutalisintha.

Pojambulanso, pukutani matope, ndipo kuwala kuzichokera m'mbali. Fulashi ya foni ikawomba molunjika imafafaniza mithunzi, ngalande zakuya n'kumaoneka zosaya, chotupa chaching'ono osaoneka n'komwe. Mujambulenso manambala anayi omalizira pambuyo pa zilembo DOT: `2319` ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Ndikufuna ndione ngati timing'alu ta m'mbali mwa loyambalo tabwera ndi ukalamba.