Ndinapempha kukwezedwa malipiro, anandipatsa ngongole

"Achimwene, ndagwira ntchito zaka zitatu pakampani ina yonyamula katundu kuno ku Lille, koma malipiro sanasunthe chilowereni. Ndikufuna kulembera abwana imelo m'Chifalansa kuti awaunikenso, koma ndikuopa kuoneka wamwano kapena wosayamika. Ndilembe bwanji?"

Achemwali, imelo yanu ndinaiwerengera m'sitima ndipo ndinaseka ndekha mpaka mayi amene anakhala moyang'anizana nane anandiyang'ana. Sindimaseka inu ayi. Mawu akuti "wosayamika" ndi amene anandikumbutsa kalata yanga ya mu 2022 yopempha abwana anga kuti andikweze malipiro, imene mpaka lero ndikaitsegula ndimamva manyazi kumsana.

Chaka chimenecho zinthu zinakwera mtengo kuno ku Falansa ndi 5.2 peresenti, malinga ndi bungwe la boma lowerengera la INSEE, ndipo ine ndinkazimva m'thumba. Ndinakhala pansi Lamlungu madzulo, tiyi pambali, ndi kulemba ndime zisanu ndi imodzi. Yoyamba inali yothokoza kuti anandilemba ntchito. Yachiwiri inali yopepesa kuti ndikuwasokoneza. Kenako ndinakhuthula zonse: lendi, magetsi, fizi ya mwana wa mlongo wanga ku Zomba, denga la amayi limene linkadontha. Za ntchito imene ndinkagwira sindinatchule ngakhale mzere umodzi. Ndinatseka ndi chiganizo chachitali chija tinachiloweza kusekondale, cha "Veuillez agréer, Madame, l'expression de mes salutations distinguées", kulembera munthu amene ndinkadya naye nkhomaliro tsiku lililonse, amene tinkaitanana ndi "tu", "iwe" wa Chifalansa.

Lolemba m'mawa abwanawo anandiitanira pambali, nkhope yodandaula. Anandifunsa motsitsa mawu ngati kunyumba kwagwa zovuta, ndipo anati kampani ikhoza kundipatsiratu ndalama zina, zodzadula pang'onopang'ono pamalipiro. Ndinapita kukapempha kukwezedwa, ndinabwerako ndi fomu ya ngongole. Ndipo mayiyo sanalakwe. Anayankha zimene ndinalemba.

Zinanditengera miyezi kuti ndimvetse pamene ndinaphonya. Kwathu ulemu timausonyeza podzichepetsa: umakhala pansi, umawomba m'manja, umazungulira nkhani, umafotokoza mavuto ako kuti wamkulu akumvere chisoni. Kwa amalume zimagwira. Mu ofesi ya ku Falansa ulemu suli m'kulira, uli mu mneni. Mukalemba "je veux" ndiye kuti mwamenya tebulo. "Je souhaite" n'zabwino. "Je souhaiterais" ndiye mwavula chipewa, koma mwaimabe chilili. Timalembo tomalizira ta "-rais" tagwira kale ntchito yonse imene ine ndinawonongerapo ndime ziwiri zothokoza ndi kupepesa. Mukatero, chotsala n'kunena chimene mwabwerera.

Ndipo apa ndikhala wouma mutu: mavuto anu asalowe mu imeloyo, ngakhale amodzi. Sikuti abwanawo alibe mtima, koma iwonso ayenera kukapempha ndalamazo kwa akuluakulu awo, ndipo sangakanene kuti mayi wa wantchito wawo denga likudontha. Akufunika chokanyamula m'manja: munthuyu analowa akugwira chakuti, pano akugwira chakuti ndi chakuti. Ngakhale nkhani ya kukwera kwa mitengo ndi yofooka kuposa mmene imaonekera, chifukwa imakhudza aliyense mofanana. M'makampani amene muli nthumwi za mabungwe a ogwira ntchito, zimenezo amazikambira pa zokambirana zamalipiro zimene aliyense amangozitchula kuti NAO, ndipo abwana angokuuzani kuti dikirani zotsatira zake. Mwatsekeredwa pakhomo ndi mfundo yanu yomwe.

Za "tu" ndi "vous" zija ndinenepo pang'ono, chifukwa ife timaganiza kuti tikuzidziwa kale, poti tili ndi "iwe" ndi "inu". Sizifanana kwenikweni. Kwathu kumuuza wamkulu kuti "inu" n'koyenera nthawi zonse. Kuno munthu amene mumaitanana "tu" mukamulembera mwadzidzidzi "vous", amadabwa kuti kodi talakwirana chiyani, mwinanso aganiza kuti mukukonzekera mlandu. Lembani monga mumayankhulirana masiku onse.

Cholakwa chachiwiri ndinachichita chaka chotsatira, pokumana maso ndi maso. Atandifunsa kuti ndikufuna zingati, ndinatchula ndalama imene ndinkafuna kuiona ikulowa kubanki pamwezi. Iwo anamva ngati ndatchula ndalama yosadulidwa, ndipo anadabwa chifukwa inali yochepera imene ankandilipira kale. Kuno malipiro amakambidwa mu "brut annuel", ndalama ya chaka chonse asanadulepo zopereka za penshoni ndi zina zotero. Zimene zimatsala, "net", zimakhala pafupifupi magawo 78 pa 100 kwa wantchito wamba, msonkho usanachotsedwe. Tiyerekeze kuti mumalandira mayuro 32,000 pachaka ndipo mukufuna 5 peresenti. Mukanena 33,600. Kusiyana kwake ndi 1,600 pachaka, kapena 133 pamwezi, ndipo m'manja mwanu mufika pafupifupi 104. Werengeranitu zimenezi kunyumba, kuopa kusangalalira nambala imene siyigula n'komwe tikiti ya sitima yamwezi.

Tsono mulembe chiyani?

Musanalembe, tengani pepala lamalipiro. Pamenepo palembedwa "convention collective" ya ntchito yanu, ndiye kuti mgwirizano wa olemba ntchito ndi mabungwe a ogwira ntchito pa malipiro ndi malamulo a ntchito, komanso gulu limene anakuikani. Fufuzani malipiro otsikitsitsa a gululo. Ngati muli pansi pake, imeneyo si nkhani yopempha, ndi ngongole ya kampani kwa inu. Ngati muli pamwamba, lembani imelo yopempha nthawi yokambirana. Nambala isungeni, mukaitchula pamaso. Ndayerekeza kuti mumawatchula "vous", ndipo zitsanzo zantchitozo musinthe muike zanu zenizeni:

```
Objet : Demande d'entretien – évolution de ma rémunération

Bonjour Madame,

Je souhaiterais convenir d'un rendez-vous avec vous afin
d'échanger sur ma rémunération, inchangée depuis mon arrivée
il y a trois ans.

Depuis, mes missions se sont élargies : je gère désormais
douze clients au lieu de sept et j'ai formé deux nouveaux
collègues. Il me semble donc légitime d'envisager une
revalorisation.

Seriez-vous disponible la semaine prochaine ?

Bien cordialement,
```

Mawu akuti "revalorisation" ndimawakonda kuposa "augmentation" chifukwa akunena kuti ntchito yakula ndipo malipiro ayenera kuitsatira. Mfundo ziwiri zokhala ndi manambala zakwana. Zisanu zimaoneka ngati mukudziteteza. Musatchule zimene mnzanu wa desiki ina amalandira, ndipo musaopseze kuti muchoka ngati mulibe kalata ya ntchito ina m'thumba.

Musatumize mu Ogasiti, maofesi amakhala mbee, aliyense ali kutchuthi. Makampani ambiri amakonza bajeti ya chaka chotsatira chakumapeto kwa chaka, choncho Seputembala kapena Okotobala ndi nthawi yabwino, ndalama zisanagawidwe. Pakatha masiku khumi osayankhidwa, tumizani mzere umodzi woyamba ndi "Je me permets de revenir vers vous". Akavomera pakamwa, alembereni tsiku lomwelo kuthokoza, ndipo mutchulemo nambala ndi mwezi umene iyambire. Ine ndinapempha 5 peresenti, anandipatsa 3, ndipo chifukwa sindinalembe mweziwo, inayamba kuoneka papepala lamalipiro mu Epulo m'malo mwa Januwale.