Wayifayi ya kusukulu ikufuna Domain, ndilembepo chiyani?

"Amalume, ndimaphunzira pa koleji ina kuno ku Lusaka. Atipatsa aliyense dzina lake ndi pasiwedi yolowera pa wayifayi. Foni yanga yakale inkalowa bwinobwino, koma yatsopanoyi ikundionetsa mabokosi ambirimbiri, EAP method, CA certificate, Domain, ndipo batani la Connect silikudinika n'komwe. Mabando andimaliza. Kodi foniyi anandigulitsa yabodza? Ndine mwana wanu wa ku Kabwata."

Mwana wanga, musabwerere nayo kwa amene anakugulitsani, foniyo ilibe mlandu. Ikungochita zinthu mosamala kuposa yakale ija.

Wayifayi ya kunyumba ili ndi pasiwedi imodzi ya banja lonse, ndipo rauta yeniyeniyo ndiyo imaidziwa. Ya kukoleji kwanu ndi ya mtundu wina, umene pafoni umalembedwa WPA2-Enterprise kapena 802.1x EAP. Kabokosi koyera kamene mumakaona kudenga m'laibulale sikadziwa pasiwedi ya munthu aliyense. Ndi mtumiki chabe. Kamanyamula zimene mwalemba n'kukazipereka kwa seva ya RADIUS, kompyuta ya koleji imene imafunsa m'kaundula wa ophunzira n'kuyankha kuti aloweni kapena ayi. Tsono vuto n'lakuti pasiwedi imeneyi nthawi zambiri ndi yomweyo ya imelo yanu ya sukulu ndi ya tsamba limene mumaonerapo zotsatira za mayeso. Foni isanaipereke, imafuna kutsimikiza kuti amene akuilandira ndi seva ya koleji yeniyeni. Mabokosi a CA certificate ndi Domain ntchito yake ndi imeneyo.

Pafoni yakale muyenera kuti munasankha Do not validate, ndiye kuti "usafunse, ingopereka". Kumapeto kwa 2020, pa Android 11, a Google anayamba kuchotsa mwayi umenewu pa mafoni awo a Pixel, ndipo makampani ena anatsatira pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mnzanu wokhala naye benchi limodzi angakhale akuuonabe inu mulibe. Ine sindiulira. Munthu atha kukhala pakantini ndi laputopu m'chikwama, n'kuyatsa wayifayi ya dzina lofanana ndi ya koleji. Foni iliyonse ya Do not validate yodutsa pafupi imayesa kulowa yokha, mwini wake ali busy ndi chipisi, n'kusiya zinthu zokwanira kuti wakubayo akafukule pasiwedi kunyumba kwake.

Tiyeni tidzaze limodzi. Tinene kuti nambala yanu ya sukulu ndi 2024001 ndipo seva ya koleji dzina lake ndi `radius.koleji.example` (ndapeka ine, yanu ikhala ina). Masukulu ndi maofesi ambiri amagwiritsa ntchito izi:

```
EAP method: PEAP
Phase 2 authentication: MSCHAPV2
CA certificate: Use system certificates
Domain: radius.koleji.example
Identity: 2024001
Anonymous identity:
Password: ********
```

Mizere iwiri yoyambayo sisowa kulingalira kwambiri. Ena amagwiritsa ntchito TTLS ndi PAP m'malo mwake, ndipo a kuofesi ya makompyuta adzakuuzani ngati zili choncho. Anonymous identity isiyeni yopanda kanthu pokhapokha atakupatsani choti mulembepo.

Pa Domain m'pamene anthu amagwera. Si dzina la wayifayi, si imelo yanu, ndiponso si nthawi zonse pamene limafanana ndi adiresi ya tsamba la koleji. Ndi dzina limene linalembedwa m'satifiketi ya seva ija, chiphaso chimene sevayo imaonetsa foni kuti idziwike kuti ndi yeniyeni. Foni imalandira satifiketiyo n'kuyerekeza dzinalo ndi limene mwalemba, kuyambira kumapeto kwake. Ndiye `koleji.example` ingagwire ntchito pa seva ya `radius.koleji.example`, koma mukalakwitsa chilembo chimodzi foni imadula kulankhulana isanatumize n'komwe pasiwedi. Choipa chake n'chakuti sikuuzani kuti vuto ndi dzinalo. Imangoti Authentication problem kapena Couldn't connect, inu n'kuyamba kulembanso pasiwedi kasanu, pamene pasiwediyo sinachimwe.

Ndiye mukapita kuofesi ya makompyuta musakangoti "wayifayi sikugwira", adzakuuzani kuti muzimitse foni n'kuyatsanso. Kafunseni mafunso awiri: dzina la seva lolemba pa Domain ndi liti, ndipo satifiketi yake inasainidwa ndi kampani yakunja kapena munaipanga nokha? Funso lachiwirili ndi lofunika chifukwa Use system certificates imagwira ntchito pokhapokha ngati wosainayo ali kale pamndandanda wa amene foni imawakhulupirira. Ngati koleji inadzipangira yokha, muyenera kupatsidwa fayilo ya satifiketi, nthawi zambiri yothera ndi `.crt`, `.cer` kapena `.pem`, muiike pafoni ngati Wi-Fi certificate, kenako muisankhe pa bokosi la CA certificate. Pa mafoni a Android 13 kupita m'tsogolo mungapezenso Trust on First Use, imene imakuonetsani satifiketi ulendo woyamba kuti muvomereze, kenako imaikumbukira. Imeneyi muichitire mkati mwa nyumba za koleji, ndipo muwerenge dzinalo musanadine. A iPhone amachita chimodzimodzi ndi batani lawo la Trust.

Za Identity, tsatirani ndendende mmene anakulemberani. Ngati wayifayiyo dzina lake ndi eduroam, imene kuno ku Zambia imayendetsedwa ndi bungwe la ZAMREN, nambala yokha siikwana. Pamafunika ndi mchira wake, ngati `2024001@koleji.example`, chifukwa mchirawo ndi umene umalondolera pempho lanu kusukulu kwanu mukakhala kuti mwapita kusukulu ina. Samalaninso ndi kiyibodi ya foni, imakonda kuika mpata kumapeto kwa mawu. Mpatawo suoneka, koma seva imauwerenga.

Zonse zikakhala bwino koma ikukanabe, yang'anani deti la pafoni. Satifiketi ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiye foni imene batire yake inatheratu n'kudzuka ikuganiza kuti tili m'chaka china imakana satifiketi yabwinobwino. Koma mukaona yaima pa Obtaining IP address, dziwani kuti dzina ndi pasiwedi zadutsa kale. Pamenepo vuto lili kumbali yawo, ndipo zimachitika kawirikawiri magetsi akangobwera, zida zina zitayaka zina zisanayake. Musasinthe kanthu, dikirani pang'ono.

Chimodzi chinandigwira ineyo pa ofesi ina imene ndinkagwirako ntchito ku Longacres. Anatiuza kuti tisinthe mapasiwedi, ndinasintha pakompyuta Lachisanu madzulo n'kuweruka. Lolemba m'mawa ndikungolowa pageti, foni ili m'thumba inayamba kugogoda ndi pasiwedi yakale, ikakanidwa n'kugogodanso. Pofika padesiki akaunti yonse inali itatsekedwa, ndi imelo yomwe. Mnyamata wa makompyuta anaitsegula, tiyi asanazizire yatsekekanso. Ulendo wachitatu anangotambasula dzanja: "Bwana, tabweretsani foniyo." Anadina Forget pa wayifayi ija, n'kundibwezera kuti ndilembe zonse mwatsopano. Inunso tsiku limene koleji idzakuuzeni kuti musinthe pasiwedi, yambani mwadina Forget pafoni ndi palaputopu pomwe, ndi pafoni yakale ija ngati mumayendabe nayo m'chikwama.