Zizindikiro ziwiri zachikasu zimene zimayaka mvula ikagwa

"Ndinagula Toyota yochokera ku Japan. Mvula ikagwa, padashibodi pamayaka chizindikiro chachikasu cha galimoto ziwiri zogundana, ndi china cha galimoto yodutsa mzere. Kodi yawonongeka?"

Bambo, funso lanuli landikumbutsa ndalama zimene ndinataya, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Tsiku lina m'mawa ndinkachokera ku Luchenza kupita ku Limbe kukuchita chiperoni, ndipo ndinayenda mtunda wautali kumbuyo kwa thirakitala yonyamula masamba a tiyi, imene matayala ake ankandiwaza matope ofiira. Ndisanafike pa Bvumbwe, zizindikiro ziwirizo zinayaka. Chifukwa cha mantha ndinathamangira kwa makaniko wina, yemwe anasintha batire lomwe linalibe vuto. Iye ali mkati mosintha, mnyamata wake anatsuka galimoto, zizindikiro zinazima, ndipo ine ndinayamikira batire latsopanolo. Zoona zake ndinazidziwa mvula itagwanso.

Kuseri kwa kagalasi koonera kumbuyo, pamwamba pa galasi lakutsogolo, kuli kamera. Imeneyi imayang'ana mizere ya pamsewu, ndipo galimoto ikapitirira liwiro la makilomita pafupifupi 50 pa ola, imakulizirani belu mukayamba kudutsa mzere musanayatse indiketa. Padashibodi ya Toyota zimenezi zimalembedwa kuti LDA, ndipo chizindikiro chake ndi cha galimoto yodutsa mzere chija. Chinacho, cha galimoto ziwiri zogundana, cholembedwa kuti PCS, chimayeza mtunda wotsala kuti mufike pa galimoto ili kutsogolo ndi liwiro limene mukuiyandikira. Chimayamba ndi kukuchenjezani, ndipo mukachedwa chimagwira mabuleki chokha. Galimoto zambiri zimathandizidwanso ndi rada, kachipangizo koyeza mtunda ndi mafunde a wailesi, yobisika kuseri kwa chizindikiro cha kampani, kutsogolo kwenikweni kumene matope amayambira kufika.

Kamera ikalephera kuona, galimoto imazimitsa zothandizirazi n'kukudziwitsani ndi nyali yachikasu. Mabuleki anu amagwirabe ntchito monga mwa nthawi zonse. Chimene ndimakana kwamtuwagalu ndi chizolowezi chomata masitika kapena pepala lakuda la dzuwa pamwamba pa galasi, chifukwa kumeneko n'kuimanga kamera m'maso mwadala. Ndimakananso kuidalira kwambiri m'misewu yathu: m'makona a ku Thyolo, pamene mizere inafufutika, ilibe chotsatira, ndipo imangokhala chete ngakhale mutalowa mbali ya anzanu.

Zoyenera kuchita

Imani pamalo abwino, mutsuke ndi madzi galasi la patsogolo pa kamera ndi chizindikiro cha kampani chija, osati kupukuta ndi nsalu youma, chifukwa mchenga umakanda galasi. Ngati nthunzi yagwira galasi mkati, yatsani mpweya woumitsa, koma diso la kamera musalikhudze. Mukayenda pang'ono nyalizo zimazima. Zikapitiriza kuyaka kunja kuli ngwee, makamaka ngati munasintha galasi kapena bampala inagundidwa, mwina kamera kapena rada yasuntha, ndipo ikufunika kuikonzanso ndi makina a kompyuta.