Mawu otsanzikana ndi agogo: kulembera mdzukulu wa misozi yapafupi

"Mayi athu atisiya Lachiwiri usiku. Maliro tiika Loweruka kumudzi ku Dedza, tikudikira achimwene ochokera ku Joni. Mwana wa achemwali anga, wa zaka 19, ndiye anakulira m'manja mwa agogo akewo, ndipo akuumirira kuti alankhule m'malo mwa zidzukulu zonse. Koma mwanayu sachedwa kulira. Wandipempha kuti ndimulembere mawuwo. Mayi anali a Chigwirizano, ankalima kachewere, ndipo analera zidzukulu zambiri. Ndilembe bwanji kuti akawerenge mpaka kumapeto?"

Pepani kwambiri ndi zovutazi, mayi. Mtsikanayo musamukanize, ndipo musamulembere ndi cholinga choti asalire n'komwe, chifukwa zimenezo sizitheka. Cholinga chanu chikhale choti misozi yayikulu ifike iye atatsala ndi mzere umodzi wokha. Zimenezi zimadalira kwambiri kasanjidwe ka mawu papepala, ndipo mbali imeneyo ili m'manja mwanu.

Muyambe mwagawa ntchito. Pa maliro athu pamakhala kale munthu wa kubanja, kawirikawiri mwini mbumba, amene amafotokoza mbiri ya malemu ndi mmene matenda anayendera. Nkhani ya kuchipatala, usiku womaliza, mawu amene mayi ananena atagona pamphasa, zonsezo zisiyireni akuluakuluwo. Mtsikanayo asazikhudze ngakhale ndi mzere umodzi. Zimenezi ndi za dzana lomweli, akuzionabe m'maso, ndipo ndi zimene zimatseka pakhosi msanga. Iye mumupatse agogo ake amoyo, amene ankalima, kukalipa ndi kuseka. Mwini mbumbayo mumuuze lero kuti mwana adzalankhula, kuti iye adziwitse amfumu ndi woyendetsa mwambo. Mwana wongodzuka yekha pa maliro amaoneka wopanda mwambo, ndipo manong'onong'o a anthu amamusokoneza asanayambe n'komwe.

Tsopano chimene ndikuona kuti n'chachikulu pa zonse. Ambiri tikamalemba mawu otsanzikana timalankhula ndi womwalirayo mwachindunji: "Agogo, mwatisiya ndi yani? Agogo, ndani adzatiitana ndi mayina athu a paubwana?" Kalankhulidwe kameneka ndi ka m'siwa. Ndi mmene amayi amalirira maliro usiku, ndipo thupi la mtsikanayo limakadziwa. Akangotchula kuti "Agogo, inu", m'maso mwake agogowo amakhala aima patsogolo pake, mawu n'kuthera pomwepo. Choncho lembani zonse ngati akuuza anthu za agogo akewo: "Agogo ankadzuka tambala woyamba", "Agogo ankakonda zakuti". Akamafotokozera khamu, maganizo ake amakhala pa ntchito yofotokozayo. Kulankhula ndi agogo mwachindunji kusungireni mzere womaliza weniweni. Akalira pamenepo walira atamaliza, ndipo aliyense amva kuti watsanzika bwino. Mafunso opanda yankho, monga "chifukwa chiyani", achotseni onse. Chotsaninso mizere yonena za mawa limene agogo sadzaliona, monga ukwati wa mtsikanayo kapena tsiku lolandira satifiketi. Mizere yotere imakoma polemba, koma munthu wa mtima wofewa saidutsa.

Ziganizo zikhale zazifupi, choti n'kutha ndi mpweya umodzi. Munthu akayandikira kulira, mpweya umayamba kuduka, pakhosi pamamveka ngati pakhala kanthu, ndipo chiganizo chachitali chimamuthera pakati. Mawu asanu ndi atatu kapena khumi pa mzere akwanira. Zonse pamodzi zisapitirire mawu 200, amene powerenga modekha amatenga mphindi ngati zitatu. Pa maliro a kumudzi olankhula amachuluka, a mpingo amadikira nthawi yawo, ndiponso amene akumba manda amakhala ali kumeneko kuyambira mbandakucha. Mawu aafupi anthu amawayamikira.

Nachi chitsanzo chimene ndalemba potengera zimene mwandiuza. Chaka, ziwerengero ndi nkhani ya pakatiyo ndangoikapo kuti muone kaimidwe kake, inu muikepo zenizeni.

Amfumu ndi nduna zanu, abusa, akuluakulu a mpingo,
amayi a Chigwirizano, ndi nonse mwabwera kudzatikhuza, zikomo.
Ndaima pano m'malo mwa zidzukulu zonse.

Agogo anabadwa m'chaka cha 1941, m'mudzi mommuno.
Njala ya 1949 inawapeza ali kamtsikana.
Nkhani ya njalayo ankatiuza kawirikawiri.
N'chifukwa chake pakhomo pawo mkute sunkatayidwa,
ndipo mlendo sankachoka osadya.

Asiya ana asanu, zidzukulu 21, ndi zidzukulutudzi 6.
Ambiri mwa ife tinakulira m'nyumba mwawo.

Nonse mukudziwa mmene kumazizirira kuno m'mwezi wa Juni.
Agogo ankadzuka tambala woyamba n'kuotcha kachewere paphulusa.
Popita kusukulu ankatiika imodzi thumba ili, imodzi thumba ilo.
Ankati tifunditse manja, tikadye tikafika pamlatho.
Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafika nayo pamlatho.
Agogo ankadziwa, koma mawa lake ankaotchanso.

Tsiku la Chigwirizano sankajomba.
Kukagwa maliro m'mudzi muno, ankayamba kufika ndi nkhuni pamutu.
Lero mwabwera inu kudzabweza, ndipo tikuthokoza.
Tikuthokoza amayi amene mwachezera nafe usiku wonse.
Tikuthokoza anyamata amene mwakonza kumanda.

Agogo, munatilera. Zikomo. Pitani bwino.

Taonani mmene ndayambira. Malonje a amfumu ndi a mpingo ndi mwambo, komanso amamuthandiza mtsikanayo, chifukwa ndi mawu amene wawamva pa misonkhano yambiri ndipo alibe ululu. Akamawatchula amamva mawu ake akutuluka pa chimkuzamawu, amazolowera, miyendo imaima bwino. Kenako pakubwera chaka ndi ziwerengero, zimenenso n'zouma. Koma ziwerengerozo muzitsimikize ndi achemwali anu ndi achimwene akafika. Mukaphonya chiwerengero cha zidzukulu, wina m'khamumo adzakonza mokweza, ndipo mwana wamanthayo adzataya mzere. Ngati pali ana a mayi amene anatsogola kale, mayina awo atchulidwe ndi mwini mbumba, osati ndi iye.

Nkhani ya pakati ikhale imodzi yokha, ndipo muifunse kwa mtsikanayo, musaipeke inu. Mufunseni kuti agogo ankachita chiyani m'mawa, ankakalipa bwanji, ankasunga chiyani pa mfundo ya chitenje. Adzakuuzani nkhani zitatu kapena zinayi. Mumuyang'ane nkhope akamafotokoza. Imene akuifotokoza akumwetulira, ngakhale misozi ikulengeza, ndiyo mutenge. Imene yamulepheretsa kumaliza, ngakhale ikhale yokoma chotani, isiyeni, adzainena tsiku lina abale muli nokhanokha. Nkhani yokhala ndi kanthu kosekeresa pang'ono, ngati ya kachewereyo, imagwira ntchito ina: anthu amang'ung'udza movomereza, ena amaseka chapansipansi, ndipo m'kamphindi kameneko wowerengayo amapeza mpata wopuma. Si kunyoza maliro ayi. Pa maliro a munthu amene wafika zaka zimenezi, anthu amalandira bwino kukumbukira kotere. Chokhacho, nkhaniyo isachititse manyazi munthu aliyense wamoyo, ndipo pasakhale mawu okuluwika onena za amene sankabwera kudzazonda matenda. Mwana asasenzetsedwe milandu ya akuluakulu.

Mwaonanso kuti pambuyo pa nkhaniyo ndabwerera ku zothokoza. Ndachita dala. Pamenepo mtima umakhala wafika m'malo, ndiye kuthokoza amayi ndi anyamata kumabweza maso ake kwa anthu amoyo, kuti apeze mphamvu ya mzere womalizawo.

Za pepala. Musamupatse foni kuti awerengepo. Padzuwa sikirini sioneka bwino, imazima yokha, ndipo chala chonjenjemera chimathamangitsa mawu. Lembani ndi zilembo zikuluzikulu, chiganizo chilichonse pa mzere wake ngati mmene ndachitira, mbali imodzi yokha ya pepala, chifukwa maso a misozi saona tizilembo ting'onoting'ono. Pepalalo mulimate pa kachikatoni kapena aliike pamwamba pa buku la nyimbo, kuti lisamagwedere m'manja anthu akuona. Pamene pali mpata pakati pa ndime, muuzeni aime, atulutse mpweya pang'onopang'ono, kenako ayambe. Chala chake chiziyenda ndi mzere, kuti akaima adziwe pobwerera.

Masiku atsalawa awerenge mokweza, osati chamumtima. Kuwerenga chamumtima sikusonyeza pamene mawu adzathere. Apite nanu kuseri kwa nyumba kapena kudimba, awerenge kanayi kapena kasanu Lachisanu lisanathe. Ulendo woyamba adzalira kwambiri, musamuletse. Ulendo wachitatu mudzaona kuti mizere yambiri wayamba kuidutsa. Mzere umene ukumugwetsabe pa ulendo wachinayi, muusinthe kapena muuchotse, osaumirira. Kawirikawiri vuto limakhala liwu limodzi lokha, monga dzina limene agogo ankamuitanira iyeyo. Mukalichotsa, mzerewo umadutsika.

Pa tsikulo, pemphani woyendetsa mwambo kuti asamuitane atangochoka koona nkhope, kapena nyimbo imene agogo ankaikonda itangotha. Malo abwino ndi pambuyo pa wolankhula wa kubanja, mwambo usanaperekedwe m'manja mwa a mpingo. Poima asayang'anizane ndi bokosi, ndipo asayang'ane kumene kwakhala mayi ake, chifukwa akaona nkhope imeneyo yanyowa, basi zatha. Maso akhale papepala, akadzutsa aziyang'ana kumbuyo kwa khamu. Amwe madzi pang'ono asanaime, ndipo m'mawa adye kanthu, popeza anamfedwa ambiri amafika tsiku loika maliro ali ndi njala ndi tulo, zimene zimafooketsa mawu.

Asaime yekha. Pambali pake paime msuweni kapena mchimwene wake wa mtima wolimba, ali ndi pepala lakelake la mawu omwewo, ndipo akhale atawerengako. Ameneyo ndiye agwire maikolofoni, kuti mtsikanayo akayamba kusisima aisunthe pang'ono pakamwa pake. Agwirizane chizindikiro. Mtsikanayo akaima, mnzakeyo asathamangire kulanda, adikire awerenge chamumtima mpaka khumi, chifukwa nthawi zambiri mawu amabwerera. Mtsikanayo akamugwira dzanja, ndiye kuti wapempha thandizo, mnzakeyo apitirize kuyambira pa mzere womwewo popanda kupepesa kapena kufotokoza. Pa chifukwa chimenechi ndalemba kuti "ife" ndi "tinakulira" m'malo mwa "ine", kuti mdzukulu aliyense athe kuwerenga mawuwo osasintha kanthu. Akafika pa mzere womaliza, abweze maikolofoni kwa mtsikanayo. Ngati atha kunena, anene. Ngati sangathe, anenere limodzi awiriwo, kenako inu mupite mukamutenge mudzakhale naye pamphasa.