Uthenga wa mnzako usanaupititse m'Chingerezi, yamba waulemba m'Chichewa cha m'mabuku

"Alangizi, ndili Fomu 4 kuno ku Mangochi, koma ndinakulira ku Dedza. Mnzanga amene amalipiriridwa fizi ndi mayi wina wakunja wandipempha kuti ndimasulire m'Chingerezi uthenga umene anandilembera pafoni, kuti mayiyo adziwe chimene chamujombetsa kusukulu. Uthengawo ndi uwu: 'Aise, sindizabwera kusukulu sabata ino. Madala avaya ku Joni osasiya mbiya, nde anganga akuti ndizigulisa kaye usipa ku Makawa. Zinthu sizili bho.' Mawu ena sindikuwapeza m'mabuku athu a Chichewa. Ndiyambire pati?"

Mwana wanga, usathamangire Chingerezi. Tenga pepala, ulembe kaye uthengawo m'Chichewa chimene umalemba pa mayeso a MSCE, ndipo liwu lililonse limene lakuvuta ulifunse funso limodzi: kodi amalinena ndani? Ngati achinyamata a ku Mzuzu, a ku Dedza ndi a ku Mangochi onse amalinena koma agogo awo salinena, liwulo ndi la chiyankhulo cha achinyamata, chimene ena amachitcha Chibrazi. Ngati agogo ndi adzukulu a dera limodzi amalinena mofanana koma anthu a dera lina salidziwa, kapena amalitchula mwina, pamenepo wakumana ndi kayankhulidwe ka deralo. Limene umalipeza m'mabuku a kusukulu ndi pa nkhani za pawailesi ndilo la Chichewa chovomerezeka, chimene malamulo a kalembedwe kake anakonzedwa ndi bungwe la Chichewa Board, ndipo ntchito imeneyi tsopano ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba.

Mawu a achinyamata mu uthengawu ndi anayi: aise, madala, avaya ndi bho. Atatu mwa iwo savuta, chifukwa aise ndi mnzanga, avaya ndi apita, ndipo sizili bho ndi sizili bwino. Lofunika kusamala nalo ndi madala. Wachinyamata akati madala, kawirikawiri amanena bambo ake omubereka, koma liwu lomwelo limagwiritsidwanso ntchito ponena mwamuna aliyense wachikulire, kaya ndi amalume, bambo omupeza kapena abwana. M'madera ambiri a Mangochi, monganso kwanu ku Dedza, mwana amawerengedwa kuchikazi ndipo amalume amakhala ndi udindo waukulu pa iye, choncho n'zotheka ndithu kuti amene wapitayo si bambo ake. Mayi wolipira fiziyo akawerenga kuti bambo a mwanayo achoka pomwe m'makalata ake munalembedwa kale kuti bamboyo anamwalira, adzaganiza kuti mnzakoyo ndi wabodza, chikhalirecho cholakwa chili kwa womasulira. Mufunse mnzako kuti madalawo ndi ndani, ndipo ulembe ubale weniweniwo.

Joni ndiye si liwu la achinyamata okha, pakuti ngakhale agogo amalinena kuchokera masiku amene amuna ankapita kukagwira ntchito ku migodi. Linachokera ku dzina la mzinda wa Johannesburg, koma anthu amalitchula ponena dziko lonse la South Africa, kotero munthu amene ali ku Durban kapena ku Cape Town timangoti ali ku Joni. Lemba dzina la dziko, osati la mzinda, pokhapokha mnzako atakutsimikizira mzindawo.

Liwu limene lingakugwetse kwambiri ndi mbiya. Kwanu ku Dedza mbiya ndi chiwiya chadothi chosungiramo madzi kapena mowa, ndipo ukatsegula Mtanthauziramawu wa Chinyanja tanthauzo la chiwiya ndilo ungayembekezere. Koma m'Chiyao mbiya ndi ndalama, ndipo anganga ndi agogo. Apa udziwe kuti Chiyao si kayankhulidwe kena ka Chichewa ayi. Ndi chiyankhulo pachokha, chokhala ndi malamulo ake, ndipo ana a kuno amalowetsa mawu ake m'Chichewa chawo osazindikira n'komwe kuti asintha chiyankhulo. Chizindikiro chakuti wakumana ndi liwu lotere n'chakuti tanthauzo limene ukulidziwa siligwirizana ndi nkhani yonse. Munthu wopita ku Joni sadandaulitsa ana chifukwa chosasiya chiwiya chadothi, ndipo kusowa kwa chiwiya sikungatumize mwana kukagulitsa usipa. Tanthauzo likakana chotero, usalikakamize. Funsa munthu wamkulu wa m'deralo. Ine ndinaphunzira zimenezi nditangofika kuno, tsiku limene mayi wina anandiuza kuti adzabwera "malawi", ine n'kumaganiza za dziko lathu pomwe iye ankanena kuti mawa.

Tsopano yang'anitsitsa mawu awiri awa: sindizabwera ndi ndizigulisa. Anthu ambiri a kummwera ndi a m'mbali mwa nyanja amatchula z pamene mabuku amalemba dz, ndiponso s pamene mabuku amalemba ts, n'chifukwa chake umamva zina m'malo mwa dzina ndi sogolo m'malo mwa tsogolo. Ameneŵa ndi matchulidwe a dera, ndipo si umbuli. Sindizabwera ukalikonza limakhala sindidzabwera, chifukwa kaphatikizo kosonyeza m'tsogolo ndi -dza-. Vuto limabwera pamene wophunzira, atazolowera kubwezera d paliponse, alemba kuti ndidzigulitsa. Kaphatikizo -zi- ndi kena, -dzi- ndi kenanso. Akuti ndizigulitsa usipa akutanthauza kuti agogo amulamula kuti akhale akugulitsa usipa, pomwe -dzi- amabwezera ntchitoyo kwa woichita mwini, monga m'mawu akuti kudzipha kapena kudzikonda. Ukalemba ndidzigulitsa, ndiye kuti wamunenera mnzako kuti akugulitsa thupi lake, ndipo ndikukupempha ndi mtima wonse kuti pamenepa usafulumire. Bwezera t yekha, d umusiye. Koma nde ndi chidule chabe cha ndiye, chimene anthu amalemba pafoni posafuna kutaipa zambiri.

Ukamaliza, pepala lako likhale ndi mawu onga awa: "Mnzanga, sindidzabwera kusukulu sabata ino. Bambo anga apita ku South Africa osasiya ndalama, ndiye agogo anena kuti ndizigulitsa kaye usipa ku Makawa. Zinthu sizili bwino." Umuwerengere mnzakoyo mokweza, ndipo umufunse mafunso atatu: madalawo ndi ndani, anganga ndi agogo aakazi kapena aamuna, ndiponso kaye akutanthauza masiku angati. Funso lachiwirili n'lofunika chifukwa Chingerezi chimakonda kusiyanitsa agogo aakazi ndi aamuna, pomwe ife liwu limodzi limatikwanira. Kaye usamusiye, pakuti ndiye akusonyeza kuti mwanayo sanasiye sukulu koma wangoima kwa kanthawi, ndipo mwina ndilo liwu limene mayi wolipira fiziyo akufunitsitsa kulimva.

Pomasulira m'Chingerezi gwiritsa ntchito mawu wamba, aulemu ndi osavuta. Usafunefune mawu a achinyamata a ku Ulaya kuti alowe m'malo mwa aise ndi bho, chifukwa uthengawu unalembedwera iwe ngati mnzake, koma tsopano ukupita kwa munthu wamkulu amene angaone ngati mwanayo akuchita chibwana pa nkhani yowawa. Usalembenso Chingerezi chothyokathyoka pofuna kusonyeza kuti mwiniwake anasakaniza Chiyao, popeza iye sanalakwitse chilichonse m'chiyankhulo chake. Usipa uusiye m'dzina lake, ungowonjezera kuti ndi tinsomba ting'onoting'ono ta m'nyanja ya Malawi, ndipo Makawa unene kuti ndi malo a asodzi m'boma la Mangochi. Usawonjezere madandaulo amene mnzako sanalembe, ngakhale ukumumvera chisoni, ndipo pansi pa uthengawo ulembe kuti wamasulira ndiwe, ndiponso kuti mwiniwake anamva zonse n'kuvomereza usanautumize.