Allion yotchipa ija, masipeya ake mudzawapeza kuti?

Wowerenga wina wa ku Chadiza wandilembera kuti: "Akulu, ndapeza Toyota Allion ya 2004 ku Lusaka, mtengo wake uli pansi kuposa zinzake zomwe ndaonapo, kumbuyo kwake kwalembedwa A20. Anzanga akuti gula chabe, Toyota masipeya ali paliponse. Kodi ndingadziwe bwanji kuti ikafa ndidzapeza masipeya kuno kwathu osagulitsa ng'ombe?"

Bambo, anzanuwo sakunama koma sananene zonse. Masipeya satsata dzina lomwe lili pa buti, amatsata injini ndi giyabokisi zomwe zili mkatimo, ndipo Allion ndiye chitsanzo chabwino kwambiri cha nkhaniyi. Ya mtundu woyamba, yomwe inapangidwa kuyambira 2001 mpaka 2007, inabwera ndi mainjini atatu m'thupi limodzi lomwelo. A15 ili ndi injini ya 1NZ-FE ndipo kodi yake ndi NZT240, A18 ili ndi 1ZZ-FE kodi yake ZZT240, pomwe A20 yanuyo ili ndi 1AZ-FSE kodi yake AZT240. Mukaziimika zitatuzi pamodzi pa Kapata ku Chipata simungasiyanitse muli patali, koma pa kauntala ya shopu ndi magalimoto atatu osiyana.

Ndiye choyamba muuzeni wogulitsayo atsegule boneti akujambulireni kachitsulo kamene kamakhala mkatimo, pomwe palembedwa kodi ya galimoto, nambala ya chasisi ndi dzina la injini, afananize ndi zomwe zili mu waitibuku. Osadalira baji ya kumbuyo, baji amamata aliyense. Chithunzicho ndiye chomwe muziyenda nacho m'mashopu.

Chifukwa chake 1NZ ya mu A15 savuta pa masipeya nchoti inaikidwa m'magalimoto ambiri omwe tadzaza nawo kuno, Corolla ya NZE121, RunX, Sienta, Probox, ist, zonsezo. Wa shopu amasunga katundu amene amayenda, ndiye ngati matakisi a ku Mwami ndi a ku Lundazi akudya makoyilo ndi mapulagi a injini imeneyi tsiku ndi tsiku, iye adzasunga, komanso mashopu akamagulitsa chinthu chimodzi ambiri mtengo umatsika wokha. Galimoto zotere zikagundidwa zimaphwasulidwa, ndiye ndi za salaula zimapezeka. Imani pa siteshoni ya matakisi kwa kanthawi muwerenge mitundu yomwe ikubwerezabwereza, amatakisi sasunga galimoto yomwe imagona pa galaji kudikira sipeya.

Manje 1AZ-FSE ndi ina. Imeneyi ndi ija amati D-4, mafuta amapopera molunjika mu silinda ndi mphamvu yayikulu, ndiye kuwonjezera pa pampu ya mu thanki ili ndi pampu ina yachiwiri pa injini pomwepo, ndi mainjekita ake akeake osagwirizana ndi a 1NZ kapena 1ZZ. Imakondanso kuunjika mwaye mkati ikamakalamba, mudzaona ikunjenjemera pa aidulo, kuzima pa mphambano, kapena kukana kukoka pa chitunda. Kuwonjezera apo A20 ili ndi giyabokisi ya CVT, ija yoyendera lamba yopanda magiya owerengeka, pomwe A15 ndi A18 za nthawi imeneyo zili ndi otomatiki wamba ya magiya 4. CVT imafuna mafuta akeake, ndipo makaniko wosadziwa akathiramo mafuta a otomatiki wamba mwayamba ulendo wogula giyabokisi ina. Sindikunena kuti ndi galimoto yoipa ayi, ikakhala bwino imathamanga ndipo simwa kwambiri, koma ine ndikamva kuti ili pansi kuposa zinzake ndimayamba kuganiza kuti ogula ena aiona kale nkuidutsa.

Tsopano kayesedwe kake. Anthu ambiri amalowa mu shopu nkufunsa kuti muli ndi masipeya a Allion? Ndipo yankho ndi eya nthawi zonse, chifukwa mabuleki padi, filita ya oyilo, mabushi ndi mashoko zilipodi, ndipo zambiri za kunsiku zimafanana ndi za Premio. Koma zimenezo sizikukuuzani kanthu. Funsani zinthu zomwe zikafa galimoto imaima: pampu yachiwiri ija, injekita imodzi, sensa ya mpweya, kompyuta ya injini, giyabokisi yathunthu. Lembani pa pepala, pitani ku Down Shops ku Chipata ndi kwina konse komwe kuli mashopu a masipeya, mufunse olo mashopu atatu, chinthu chilichonse mufunse kawiri, cha AZT240 ndi cha NZT240, mitengo muilembe mbali ndi mbali. Pepala limenelo likuyankhani bwino kuposa ine.

Ndipo mverani bwino mayankhidwe. Pali "chilipo" ndi "tingakupezereni", izi nzosiyana kutali. Akati chilipo, muuzeni achitulutse muchigwire m'manja, muone nambala pa bokosi. Akayamba kuimba foni ndiye kuti chili ku Lusaka, ndipo Lusaka ndi makilomita oposa 500, ndiye pa mtengopo onjezani ya basi, ya munthu wokakugulirani, ndi masiku omwe galimoto ikhale pa miyala. Choopsa sikuchedwa kokha, nchoti chikabwera cholakwika, makamaka cha magetsi, ambiri salola kubweza, ndalama yapita ndipo muyambirenso. Lilongwe ili pafupi kudzera pa Mwami ndi Mchinji ndipo ena amakagula kumeneko, koma muwerengere za pa boda ndi kusintha ndalama, si njira yoti muziidalira pa kalikonse.

Pa mtengo musamve nambala imodzi nkukhutira. Chinthu chimodzi chimakhala ndi mitengo itatu, cha orijino, chatsopano cha makampani ena, ndi cha salaula chochotsedwa pa galimoto ina. Galimoto yosavuta ndi ija yomwe zitatu zonsezi zimapezeka, chifukwa mwezi ukakhala woipa mumagula chapakati nkuyenda. Ngati chinthu chikupezeka cha salaula chokha, dziwani kuti mukugula chokalamba ngati chomwe chafacho, ndiye funsani ngati amapereka masiku oyesera.

Kenako pitani kwa amakaniko, osati amene wakulozerani wogulitsa. Afunseni kuti D-4 munaitsegulapo? Muli ndi makina oyezera? Sipeya ikhoza kupezeka koma ngati wodziwa kuzindikira chomwe chafa palibe, mudzagula zinthu zinayi zabwinobwino musanafike pa chenicheni. Kwa inu a ku Chadiza izi nzofunika kawiri, chifukwa galimoto ikakana kulira kumeneko ndiye kuti kukokedwa mpaka ku Chipata.

Za thupi ndingonena mwachidule: nyali, bampa ndi galasi lakutsogolo sizisamala injini, koma Allion inasinthidwa nkhope kumapeto kwa 2004, ndiye pofunsa nyali muzionetsa chithunzi cha yanuyo.

Mukafuna maganizo anga, pa msewu wanu wa fumbi ndi mabampu uja ine ndingawonjezere ndalama nkutenga A15, kapena A18 ngati mumanyamula katundu ndi anthu pafupipafupi. A20 itengeni pokhapokha pepala lija likaonetsa kuti pampu ndi giyabokisi zili pa shelefu ku Chipata, mwapeza makaniko woidziwa, ndipo kusiyana kwa mtengo wogulira kukukwanira kugula giyabokisi ina. Mukamaliza kuzungulira mashopu munditumizire mitengoyo, tidzaiike pano kuti ndi ena aone.